Buku likhazikitsidwe ndalama zikadali m'matumba

Aphunzitsi opuma ntchito ndi abusa a kuno kummawa amalemba kwambiri kuposa mmene anthu a ku Lusaka amaganizira. Ena ali ndi makope odzaza nthano zimene agogo awo ankasimba, ena mbiri ya mpingo wawo, ena miyambi ndi zilape. Mmodzi mwa ambiri amalimba mtima n'kupita nazo kwa osindikiza ku Chipata, ndipo akabwerako ndi makatoni ake funso limene amandifunsa limakhala lomwelo: tsopano anthu adziwa bwanji, ndipo ndalama zanga zibwerera bwanji? Sabata ino ndiyankha funso limeneli ndikuganizira munthu wa kwa Pembamoyo, kumalire kumene Zambia, Malawi ndi Mozambique ayandikana, kumene kulibe sitolo ya mabuku ndiponso kulibe hotela yochitiramo mwambo.

Cholakwika chachikulu chimene ndimaona n'chakuti mlembi amakonza tsiku lokhazikitsa buku ngati ukwati, pamene tsikulo ndi la msika. Pa ukwati mwini amadyetsa anthu ndipo amanyadira kuchuluka kwa mbale. Pa tsiku la buku chowerengedwa madzulo ndi mabuku amene atuluka m'katoni ndi ndalama imene yalowa m'bokosi. Zina zonse, kaya ndi nyimbo, zolankhula kapena thobwa, ziyenera kuthandiza zimenezo, ndipo chilichonse chosathandiza chichotsedwe ngakhale chikhale chokoma chotani.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala, ndipo ndinene poyera kuti manambalawa ndi achitsanzo, aliyense aike mitengo imene wauzidwa kumene akusindikiza. Mphunzitsi wopuma wasindikiza kabuku ka nthano ka masamba 80, makope 150, ndipo lililonse lamudyera K45. Walipira K6,750. Ulendo wa ku Chipata kukatenga makatoni wadya K400. Mayunitsi a foni ndi mapepala oitanira anthu K200, kubwereka chimkuzamawu cha batire K250, chimera ndi shuga za thobwa K300, chilengezo pa wailesi K200, ndipo K100 ndi yothokozera amene asesa ndi kukonza malo. Zamwambo zonsezi, pamodzi ndi ulendo uja, zakwana K1,450, choncho ndalama yonse imene yatuluka m'thumba ndi K8,200. Mwa makope 150 aja, 15 ndi opereka ulele: la amfumu, la mlendo wolemekezeka, a owerenga, la sukulu imene yabwereketsa malo, la wailesi, ndi lotumiza ku National Archives of Zambia monga lamulo la zosindikiza limafunira. Otsala ogulitsa ndi 135. Akaika mtengo wa K80, ayenera kugulitsa mabuku 103 kuti angobweza zimene anawononga. Phindu lonse lili m'mabuku 32 omalizawo.

Tsopano abale abwere n'kunena kuti, "Aphunzitsi, anthu angabwere kuchokera kutali n'kubwerera ndi njala? Tiphike mpunga ndi nkhuku." Anthu 100 pa K40 aliyense ndi K4,000. Tikachotsa K300 ya thobwa ija n'kuikapo K4,000, zonse zafika pa K11,900, ndipo pakufunika mabuku 149 kuti ndalama ibwerere, chikhalirecho ogulitsa alipo 135 okha. Mlembi waluza asanatsegule katoni. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mlendo sabwerera chimanjamanja, ndipo sindikupeputsa ulemu umenewo. Njira yake ndi nthawi. Mwambo uyambe 14 koloko anthu atadya kale nsima kwawo, uthe dzuwa lisanapendeke kwambiri kuti oyenda pansi ndi apanjinga afike kwawo kukuwala. Thobwa ndi mbatata yophika zikwanira, ndipo palibe amene angadandaule.

Mtengo wa K80 uja si wochepa kwa mlimi. Mu 2024 bungwe la FRA linkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K330, kutanthauza kuti buku limodzi likuyandikira gawo limodzi mwa magawo anayi a thumba. N'chifukwa chake mwezi umene mwasankha ndi wofunika kuposa china chilichonse pa dongosolo lonse. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, ya zofunika za ana a sukulu, ndiponso ya matope, pamene misewu yafumbi ya kuno imavuta ngakhale kwa njinga yamoto. Okutobala ndi Novembala ndalama zonse zimathamangira ku feteleza ndi mbewu, kuphatikizapo zopereka za FISP. Mpata weniweni uli pakati pa Juni ndi Ogasiti, soya, mtedza, mpendadzuwa ndi chimanga zitagulitsidwa. Mkati mwa miyezi imeneyi sankhani masiku otsatira malipiro a kumapeto kwa mwezi, chifukwa aphunzitsi, azaumoyo ndi alangizi a zaulimi ndiwo adzagule msanga. Loweruka lomaliza la Ogasiti lisiyeni, ndi la Kulamba ku Mkaika, ndipo mafumu, nduna ndi anthu ambiri amene mukuwafuna adzakhala ali ku Katete kwa Kalonga Gawa Undi.

Tsiku lisalengezedwe mabuku asanafike m'nyumba. Osindikiza amalonjeza Lachitatu n'kupereka Lachitatu la mwezi wina, makamaka magetsi akamazimazima monga zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Pokatenga, musangowerenga makatoni. Khalani pansi pomwepo, tulutsani mabuku angapo m'katoni iliyonse, tsegulani pakati kuona ngati masamba akutsatana, ngati palibe tsamba loyera kapena lozondoka, ndipo limodzi mulipinde mwamphamvu kuti muone ngati guluu akugwira. Mukazindikira vutoli muli kale kwa Pembamoyo, kubweza katoni kudzakudyerani K400 ina. Ndipo popeza maliro akagwa m'mudzi zonse zimaima, musawononge ndalama pa chinsalu chachikulu cholembedwa tsiku. Khalani ndi tsiku lachiwiri mumtima, ndipo mugwirizane nalo ndi eni malo kuyambira pachiyambi.

Malo abwino ndi kalasi ya sukulu kapena tchalitchi, ndipo ndimakonda kalasi yodzaza kuposa holo yaikulu yokhala ndi mipando yopanda anthu. Anthu akapanikizana amamva bwino, amaseka limodzi, ndipo wina akadzuka kukagula, anzake amamuona. Ngati ndi sukulu, pemphani kwa ahedi ndi kalata, ndipo iwo adzakuuzani ngati pakufunika kudziwitsa ofesi ya DEBS.

Kuitana anthu kuli ndi makwerero ake, ndipo oyamba ndi a kumpando. Simungasonkhanitse anthu m'dziko la amfumu iwo atangomva mphekesera. Yambani ndi anyakwawa a mudzi wanu, iwo akutengereni kwa nduna, ndipo mukapite nokha ndi buku m'manja pamodzi ndi kamphatso kaulemu. Muchite zimenezi masabata anayi tsiku lisanafike. Amfumu akalephera kubwera adzatumiza nduna, ndipo zimenezo n'zokwanira, chifukwa anyakwawa ena akamva kuti kumpando akudziwa, nawonso amabwera ndi anthu awo.

Gulu lachiwiri ndi la anthu amene mukuyembekeza kuti agula. Lembani maina awo m'kope, anthu 50 kapena 60: aphunzitsi a sukulu zoyandikana, anamwino, abusa ndi akatekisiti, eni magolosale, atsogoleri a makopaletivu, khansala. Aliyense alandire kapepala kolembedwa dzina lake, ndipo kaperekedwe pamanja. Pepala limodzi la A4 limatulutsa timakalata tinayi, ndiye mapepala 15 akwanira onse. Pakapepalapo pakhale dzina la buku, tsiku, nthawi, malo, nambala ya foni, komanso mtengo wa buku. Alembi ambiri amachita manyazi kulemba mtengo, amaona ngati n'kupempha. Koma munthu amene sanauzidwe amabwera m'thumba muli mbee, amaombera m'manja mokondwa, kenako amati, "Ndikanadziwa ndikanatenga ndalama." Mwamutaya wogula chifukwa cha manyazi anu. Uthenga wa pa WhatsApp ndi wokumbutsira chabe, masiku atatu tsiku lisanafike. Uthenga woponyedwa pa gulu aliyense amauona ngati wa mnzake.

Khamu lotsalalo limaitanidwa kudzera m'zolengeza za m'matchalitchi masabata awiri otsatizana, ku Reformed Church in Zambia, ku Katolika ndi mipingo ina, ndiponso kudzera mwa ana a sukulu. Ngati ndalama ya wailesi ilipo, kumbukirani kuti Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata zimaulutsa m'chinenero chathu. M'malo mongolipira chilengezo, perekani buku kwa woulutsa ndipo mupemphe mphindi zochepa zoti muwerengeko ndime. Anthu a dera lino anakulira pa nthano za Julius Chongo mu pulogalamu ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya dziko, ndipo khutu lawo limadziwa kusiyanitsa nkhani yokoma ndi chilengezo.

Khutu lomwelo ndilo lidzagulitse buku pa tsikulo. Ambiri mwa amene adzakhale m'kalasimo sanagulepo buku lina kupatula Baibulo ndi la nyimbo, ndipo chikuto chokongola sichidzawasuntha. Chidzawasuntha ndi kumva mawu a kwawo, maina a mitsinje ndi mapiri amene amawadziwa, akutuluka m'buku. Choncho kuwerenga kupatsidwe malo aulemu, ndipo kukonzedwe mosamala kuposa zolankhula za alendo.

Ndime zitatu zikwanira, iliyonse ya mphindi zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Tsamba limodzi la kabuku kakang'ono limatenga pafupifupi mphindi ziwiri likamawerengedwa mokweza ndi modekha, ndiye ndime iliyonse ikhale ya masamba atatu. Musayambe ndi mawu oyamba kapena othokoza, amenewo ndi a maso. Sankhani pamene anthu akuyankhulana, pamene pali mkangano kapena choseketsa. Yoyamba iwerengedwe ndi mwana wa sukulu wa mawu omveka, chifukwa makolo ndi aphunzitsi ake adzabwera kudzamuona, ndipo kholo limene lamva mwana wake akuwerenga bwino limafuna bukulo kunyumba. Yachiwiri apatsidwe munthu wamkulu wodziwa kusimba, mayi wa m'Chigwirizano kapena mkulu wa mpingo wozolowera kuwerenga pagulu. Ngati ndi nthano, ayambe monga timayambira, anthu avomere, ndipo ngati muli nyimbo aiimbe onse. Yomaliza ndi ya mlembi mwini, ndipo aime nkhani isanathe, pamene aliyense akufuna kudziwa chimene chinachitika. Atseke buku n'kunena kuti zotsalazo zili pa tebulo paja.

Owerenga onse ayeserere kawiri m'chipinda chomwecho, wina ataima kumbuyo kwenikweni kuti anene ngati akumva. Zolakwika zimene zimaoneka poyeserera ndi zomwezomwezo: kuthamanga, kuweramira m'buku mpaka mawu kumezedwa, ndi kumeza mawu omaliza a chiganizo. Mankhwala ake ndi pensulo. Wowerenga alembe timizere pamene ayenera kupuma ndi pamene ayenera kudzutsa maso. Mlembi amene amadziwa kuti mawu ake ndi otsika asaumirire kuwerenga zonse yekha. Kulemba bwino ndi kuwerenga bwino ndi mphatso ziwiri zosiyana.

Mdani wa kuwerenga ndi zolankhula. Mukalola kuti aliyense wolemekezeka agwire chimkuzamawu, pofika nthawi yogulitsa theka la anthu lidzakhala litapita kukatsekera mbuzi. Pemphero, mawu a anyakwawa olandira alendo, mawu a mlendo wolemekezeka, basi. Wotsogolera mwambo akhale munthu amene angathe kuyandikira mkulu mwaulemu n'kumunong'oneza kuti nthawi yatha. Mlendo wolemekezeka asankhidwe poganizira zinthu ziwiri, kuti afika pa nthawi yake ndiponso kuti walawako bukulo. Wandale wotchuka amene afike 16 koloko n'kulankhula za msewu adzakuonongerani tsiku, pamene ahedi a sekondale kapena mwana wa m'dera amene akugwira ntchito ku Chipata adzanena za buku lenilenilo.

Tifike pa ndalama. Kugulitsa kumayamba mwambo usanafike. Popereka timakalata tija, uzani munthu kuti wolipiriratu apereka K70 m'malo mwa K80, ndipo buku lake adzalipeza litalembedwa kale dzina ndi kusainidwa. Anthu 30 akatero, mwagwira K2,100 imene ilipire zamwambo zonse popanda ngongole, ndipo mwatsimikiza kuti anthu 30 amenewo abwera, chifukwa munthu sasiya chinthu chimene walipira.

Pa tsikulo pali mwambo umene tinazolowera, woti buku loyamba ligulidwe pa mtengo wokwera ndi mlendo wolemekezeka, ena n'kutsatira. Ndi wabwino, koma uli ndi misampha iwiri. Woyamba ndi malonjezo. Munthu amaimirira, amati atenga mabuku khumi pa K2,000, anthu amaomba m'manja ndi nthungululu, amanyamula mabukuwo, ndipo mlembi amatha miyezi akuimba foni yosayankhidwa. Lamulo likhale limodzi kwa onse ndipo wotsogolera alinene moseka koma momveka kumayambiriro: buku limachoka pa tebulo ndalama ikafika. Wolonjeza alembedwe m'kope ndipo mabuku ake amudikire. Msampha wachiwiri ndi woti anthu wamba akamva K500 ndi K300 amaganiza kuti mtengo wake ndi umenewo, amachita manyazi, n'kutuluka mwakachetechete. Gawo limeneli lisapitirire mphindi khumi, ndipo likangotha wotsogolera alengeze katatu kuti buku ndi K80 kwa aliyense.

Tebulo logulitsira likhale pafupi ndi khomo, ndipo pakhale anthu awiri okhulupirika, wina wolandira ndalama, wina wolemba m'kope dzina, chiwerengero cha mabuku ndi njira yolipirira. Mlembi asagwire ndalama. Iye akhale pa tebulo lina akusaina ndi kucheza, chifukwa mlamu akafika pamaso pake n'kunena kuti, "Alamu, langa ndidzapereka mawa," sangathe kukana, pamene wogulitsa amangoyankha kuti sanapatsidwe mphamvu yokongoza. Konzani chenji ya K20 ndi K10 dzulo lake, popeza ambiri adzabwera ndi K100. Nambala za Airtel Money ndi MTN zilembedwe ndi zilembo zazikulu pa bolodi, ndipo buku liperekedwe uthenga ukalowa pa foni ya wolandira, osati pongoonetsedwa uthenga pa foni ya wogula. Yesani netiweki pamalopo tsiku lisanafike, chifukwa kumalire kuno foni imatha kulumphira ku netiweki ya dziko lina. Achibale ochokera tsidya la Mchinji adzabwera ndi makwacha a ku Malawi, choncho gwirizanani m'mawa mtengo wake m'ndalama imeneyo kuti pasakhale kukambirana pamzere. Ndipo mayi amene wabwera ndi mtedza kapena nkhuku m'malo mwa ndalama asabwezedwe. Ikani muyezo wake pasadakhale, chifukwa mtedzawo mudzaugulitsa mosavuta kuposa buku.

Tibwerere ku manambala a aphunzitsi athu. Olipiriratu 30 apereka K2,100. Buku loyamba lapita pa K500. Pa tebulo pagulidwa mabuku 40 pa K80, ndiyo K3,200. Madzulo m'bokosi ndi pa foni muli K5,800, mabuku 71 apita, 64 atsala, ndipo pakusowa K2,400 kuti K8,200 ija ikwane. Limeneli ndi tsiku loyenda bwino, ndipo ndikufuna alembi amve zimenezi kuti asagwe mphwayi: mwambo wokha kawirikawiri subweza ndalama zonse. Mabuku 30 ena pa K80 ndiwo atseke dzenjelo, ndipo amenewa amagulidwa m'masabata otsatira, nkhani ikadali m'kamwa mwa anthu.

Apa ndi pamene kope la maina lija limagwira ntchito. Oitanidwa amene sanabwere ayenderedwe sabata yomweyo, buku lili m'chikwama. Aphunzitsi amene agula afunsidwe ngati mungadzawerenge ku sukulu kwawo tsiku la msonkhano wa makolo. Dziwani kuti buku limalowa m'kalasi monga lophunzitsira pokhapokha litavomerezedwa ndi Curriculum Development Centre ku Lusaka, ndiye musalonjeze ahedi zimene mulibe, koma mphunzitsi kapena kholo ali ndi ufulu wogula lake. Magulu a chilimba ndi mabanki a m'mudzi amakumana ali ndi ndalama m'manja, ndipo mphindi zisanu zowerenga pamenepo zimatha kugulitsa mabuku awiri kapena atatu.

Kusiya mabuku m'magolosale ndi m'masitolo a zolembera ku Chadiza boma, ku Vubwi kapena ku Chipata n'kothandiza, koma musiye ochepa, asanu pamalo amodzi, ndipo mulemberane pa pepala kuti mwasiya angati, mtengo wake, ndi gawo la mwini sitolo. Akamatenga K15 pa buku, inu mukulandira K65, ndipo K2,400 ija ifuna mabuku 37 m'malo mwa 30. Pitaniko pakatha mwezi, muwerenge otsala ndi maso anu, mulandire za ogulidwa musanaonjezere ena. Mabuku osiyidwa ambiri pamalo amodzi amathera pansi pa kauntala, kumene chinyezi ndi chiswe zimawapeza.

Ngati mwambo unachitika mu Julayi, katoni yotsalayo ili ndi msika wina waukulu pa Kulamba, kumene Achewa a maiko atatu amasonkhana ndipo amalonda amayala katundu wawo masiku angapo. Funsani kwa okonza mwambo za malo ogulitsira ndi malipiro ake musananyamuke, gawanani mtengo wa ulendo ndi wina amene akupita ndi malonda ake, ndipo mutenge mwana uja anawerenga bwino, chifukwa pakati pa phokoso la ku Mkaika tebulo la mabuku lopanda mawu anthu amangolidutsa. Mabuku amene abwerere kuchokera kumeneko asungidwe m'pulasitiki, pamwamba pa thandala, kutali ndi khoma, mvula ya Novembala isanayambe.